Dzanja la wothyola tiyi: mmene ntchito ya zithunzi za kabuku ikuyendera

Lolemba, sabata yoyamba

Kalabu ya alimi ang'onoang'ono a tiyi kwathu kuno ku Mulanje, yomwe mayi aang'ono ali membala, ikufuna kabuku ka masamba asanu ndi atatu kophunzitsira achinyamata kathyoledwe koyenera: masamba awiri ndi nsonga, osati kungopulula. Apampando andipatsa ine ntchito ya zithunzi. Zikufunika zisanu ndi chimodzi, ndipo ziwiri mwa izo ndi za dzanja pafupi. Ndalama yolembera wojambula palibe, ndiye ndikugwiritsa ntchito Stable Diffusion 1.5, makina opanga zithunzi kuchokera ku mawu amene walemba, pa kompyuta ya alamu anga ku Chitakale, kudzera pa pulogalamu ya AUTOMATIC1111. Amandibwereka madzulo akatseka ntchito zawo.

Pulogalamuyi ili ndi mabokosi awiri olembamo. Lapamwamba umalembamo zomwe ukufuna kuti zioneke. Lapansi, lolembedwa `Negative prompt`, umalembamo zomwe sukuzifuna. M'zolemba zino ndizingoti bokosi lapamwamba ndi bokosi lapansi, ndipo zolembedwa pansipo ndizizitcha mawu okana. Zonse ndikulemba m'Chingerezi chifukwa makinawa anaphunzira pa zithunzi zokhala ndi mawu a Chingerezi, Chichewa sakuchimva.

Lero bokosi lapansi ndalisiya lopanda kanthu, dala, kuti ndione matenda ake onse ndisanayambe kupereka mankhwala. Pamwamba ndalemba izi:

```
poster, Malawian woman plucking tea leaves, basket on her back, green tea field, granite mountain, morning mist, photo
```

Kukula kwa chithunzi 512 ndi 768, masitepe ojambulira `Sampling steps` 25, mphamvu yomvera mawu `CFG Scale` 7, njira yojambulira `DPM++ 2M Karras`. Ndatulutsa zithunzi 12. Zofunika kuzikonza ndaziona zinayi. Zambiri zili mwachimbuuzi, makamaka nkhope ndi masamba akutsogolo. Zisanu ndi ziwiri zili ndi zilembo zosawerengeka, zina pamwamba ngati mutu wa nkhani, zina zotuwa pakati penipeni. Manja ndiye chisoni: zala zisanu ndi chimodzi, zala zomatana ngati za bakha, dzanja lina lachita kumera pa dengu. Chachinayi sindinachiyembekezere. Azimayi angapo avala chipewa chosongoka cha kumayiko a ku Asia, m'modzi wavala sari. Makinawa akamva tiyi amathamangira ku India, Sri Lanka ndi China, kumene kuli zithunzi zambiri za othyola tiyi.

Lachitatu

Ndinachita zomwe aliyense amachita poyamba. Ndinakopera mndandanda wautali wa mawu okana womwe anthu amapatsirana, mawu oposa 60, ndi kuupachika wonse m'bokosi lapansi. Zithunzi zinasinthadi, koma sizinandisangalatse. Khungu la mayiyo linasalala ngati chidole cha m'sitolo, ndipo linayera. Nkhungu ya paphiri inachokeratu. Manja anabisala m'tchire la tiyi moti sukanadziwa kuti munthuyo akuthyola kapena wangoima.

Choipa kwambiri n'chakuti sindinathe kudziwa kuti mwa mawu 60 aja ndi liti lachita chiyani. Ndinali ngati munthu womwa mankhwala asanu nthawi imodzi, akachira kapena akadwalirapo sadziwa woyamika kapena woimba mlandu.

Ndafufuta wonse. Kuyambira lero ndatsekera `Seed` pa nambala imodzi, 1234, m'malo mwa -1 yomwe imasankha nambala yatsopano nthawi iliyonse. Nambala imeneyi ndi imene imapereka phokoso la timadontho lomwe chithunzi chimayambirapo. Ikakhala yomweyo, ndipo zina zonse sunakhudze, kusiyana kulikonse komwe waona kwabwera ndi liwu lomwe wawonjezeralo. Ndi `Batch count` 8, pulogalamu imatenga 1234 mpaka 1241, ndiye ndili ndi zithunzi zisanu ndi zitatu zomwezomwezo zoyesererapo liwu lililonse. Ndagula kope la masamu lolembamo: liwu, chomwe chasintha, chomwe chawonongeka.

Lachisanu

Magetsi kunalibe madzulo onse, ndiye ndinakhala pakhonde n'kumawerenga pafoni za momwe bokosi lapansili limagwirira ntchito. Ndikulemba pano momwe ndamvera chifukwa zandimasulira zambiri za Lachitatu.

Chithunzi chimayamba ngati timadontho tosokonekera, ngati wailesi yakanema yopanda siginolo. Pa sitepe iliyonse mwa 25 zija, makina amalosera kawiri kuti timadonthoti tiyeretsedwe bwanji. Koyamba amalosera atamva mawu a m'bokosi lapamwamba, kachiwiri atamva a m'bokosi lapansi. Kenako amaona kusiyana kwa ziwirizo n'kukankhira chithunzi kutali ndi lapansi, kulowera kwa lapamwamba. Masamu ake ndi awa:

```
zotsatira = lapansi + CFG × (lapamwamba − lapansi)
```

Bokosi lapansi likakhala lopanda kanthu, kulosera kwachiwiriko kumachitikabe, koma ndi mawu opanda kanthu. Mawu okana amangolowa pamalo opanda kanthupo. Choncho bokosi lapansi si chofufutira chomwe chimabwera pambuyo kudzachotsa chala kapena chilembo. Lili ngati munthu amene waima m'mbali mwa njira amene ukumulambalala. Kuti umulambalale uyenera kumudziwa nkhope. Makina amathawa chinthu chokhacho chimene amachizindikira ndi dzina.

Masamuwa akuonetsanso china. Ukaika `CFG Scale` pa 1, lapansi limadzichotsa lokha n'kutsala lapamwamba basi, ndiye mawu okana sagwiranso ntchito ngakhale ulembe tsamba lonse. N'chifukwa chake makina othamanga monga SDXL Turbo, omwe amayendetsedwa pa 1, samvera bokosi lapansi. Pa 7, pomwe ine ndili, mawu okana ali ndi mphamvu yaikulu ndithu, ndipo liwu lolakwika limawononga ndi mphamvu yomweyo.

Chomaliza ndi chokhudza liwu loti "ayi". Gawo lowerenga mawu, lotchedwa CLIP, silimva bwino kukana. Ukalemba `no text` m'bokosi lapamwamba, chomwe lamva kwambiri ndi `text`, ndipo ukhoza kuitana zilembo zomwe umazithamangitsazo. M'bokosi lapansi umalemba dzina la chinthucho basi, popanda `no`, chifukwa bokosilo ndi kukana kale.

Loweruka

Lero ndinalimbana ndi zilembo, ndipo apa mawu okana agwiradi ntchito. Chifukwa chake n'chomveka. Zithunzi zomwe makinawa anaphunzirapo zinatengedwa pa intaneti, mu nkhokwe ya LAION-5B, ndipo zina mwa izo zinali zogulitsa, zokhala ndi chidindo chotuwa cha mwini wake pakati, kapena siginecha ya wojambula pakona. Makina anaziona kambirimbiri moti amadziwa bwino lomwe chomwe `watermark` ndi `text` zikutanthauza. Ameneyu ndi munthu amene nkhope yake akuidziwa.

```
text, watermark, signature, logo
```

Pa zithunzi zisanu ndi zitatu zoyeserera, zisanu zinali ndi zilembo. Nditaika mawu anayiwa zinatsala ziwiri, zonse zokhala ndi ngati mutu wa nkhani pamwamba. Ndinakweza mphamvu ya liwulo polemba `(text:1.4)`, zilembo zinangochepa thupi koma sizinachoke, ndipo mitundu inayamba kupsa.

Ndinayang'anitsitsa bokosi lapamwamba, n'kuona kuti wolakwa ndi ine. Liwu loyamba lenileni linali `poster`. Positala yopanda zilembo ilipo ngati? Ndinali kuitana zilembo ndi dzanja lamanja n'kumazithamangitsa ndi lamanzere. Nditachotsa liwu limenelo, n'kubweza `text` pa mphamvu yake ya nthawi zonse, zisanu ndi zitatu zonse zinatuluka zoyera. Kuyambira lero, chinthu chosafunika chikaoneka, ndiziyamba ndafunsa kuti ndi liwu liti lapamwamba limene lachiitana.

Mawu a m'kabuku tidzalemba tokha pambuyo pake pa pulogalamu yosanjira masamba. Makinawa ngakhale Chingerezi chenichenicho salemba molondola, nanji Chichewa.

Za chipewa chosongoka ndi sari zatha mwachangu. Ndawonjezera `conical hat, sari` pansi, ndipo pamwamba ndalemba `headscarf, wrap skirt, dark brown skin` kuti duku ndi chitenje zioneke. Kukana chipewa kokha kunasiya mitu ina itavala chipewa cha mtundu wina. Ukachotsa chinthu uyenera kunena chobwera pamalopo, apo ayi makina asankha okha.

Lachiwiri, sabata yachiwiri

Chimbuuzi chanditengera madzulo awiri, chifukwa ndapeza kuti chomwe ndimachitcha ndi dzina limodzi ndi matenda atatu osiyana.

Choyamba ndi chimbuuzi chadala cha kamera, pomwe munthu amaoneka bwino koma kumbuyo kwake kuli mbuu. Ojambula amachikonda, ndipo makina anachiona pa zithunzi zambiri za anthu, ndiye ukangolemba `photo` amachibweretsa. Kwa ife n'choipa chifukwa tikufuna mizere ya tiyi ioneke, wophunzira aone kuti pamwamba pa tchire pali mwaa ngati tebulo. Ichi chili ndi dzina lomwe makina amalidziwa. Nditaika `bokeh, depth of field` pansi, mizere ya tiyi inabwerera mpaka kutsinde kwa phiri.

Chachiwiri ndi chimbuuzi cha chithunzi chonse, ngati chojambulidwa ndi foni yakale. Apa `blurry, out of focus` zathandiza ndithu, masamba akutsogolo ayamba kuoneka mitsempha yake.

Koma apa m'pomwe ndinapunthwa. Poona kuti zikuyenda, ndinawonjezera `haze, fog`, poganiza kuti zithandizira kuyeretsa. Zinayeretsadi, mpaka phiri linasanduka la kwina. Ife a kuno timadziwa kuti miyezi ino ya chiperoni phiri limavala nkhungu m'chiuno, pena limabisala tsiku lonse, kamvula kakuwaza. Apampando anachita kupempha kuti pachikuto nkhunguyo ioneke, kuti munthu akangotenga kabukuko adziwe kuti n'kwawo. Pamwamba ndinali nditalemba `morning mist`, pansi n'kulemba `fog`. Kwa makina ziwirizi ndi pachibale, ndiye ndinali kukoka chingwe chimodzi mbali zonse. Ndachotsa `haze, fog`. Ndaonanso kuti `blurry` yemweyo ukamukweza kufika 1.4 amayamba kudya nkhungu, ndipo m'mphepete mwa masamba mumalimba ngati adula ndi lumo. Ndamusiya pa mphamvu yake ya nthawi zonse.

Chachitatu sichimva mawu aliwonse. Ndi nkhope yaing'ono yosungunuka, maso ngati opaka ndi chala, pamene munthu waima patali. Ndinayesa `blurry face`, ndinayesa `bad face`, palibe chinasintha. Vuto si lakuti makina sanamve, koma malo ojambulapo ndi ochepa. Chathandiza ndi `Hires. fix`: `Upscale by` 1.5, `Denoising strength` 0.35. Imakulitsa chithunzi n'kuchijambulanso pang'ono pa kukula kwatsopanoko, nkhope n'kupeza malo. Nditakweza `Denoising strength`, mlingo wa momwe makina amasinthira chithunzi, kufika 0.6, nkhope inayera bwino koma inali ya munthu wina, ndi dengu linasintha. Chizindikiro chosiyanitsira ndachilemba m'kope: chimbuuzi chikakhala pa zinthu zing'onozing'ono zokha, zazikulu zili bwino, si ntchito ya bokosi lapansi.

Lachinayi

Ndabwerera ku nkhani ya khungu loyera la sabata yatha, chifukwa imandivutitsa mumtima. Kabukuka ndi ka anthu akwathu, ndipo sindingalole kuti kaonetse mayi wooneka ngati wadzola mafuta oyeretsa. Ndinatenga mndandanda wautali uja n'kumabwezera mawu ake m'magulu a khumikhumi pa nambala zomwe zija. Gulu lokhala ndi `dark, underexposed, low light` ndi limene linayeretsa khungu koposa. Amene analemba mndandandawo ankatanthauza chithunzi chamdima. Makina sanasiyanitse mdima wa chipinda ndi kuda kwa khungu. Gulu la `wrinkles, skin blemishes, ugly` ndi limene linasalaza nkhope n'kuchotsa zaka za munthu, mayi wa ana asanu n'kusanduka mtsikana wa pa kalendala.

Onsewa sadzalowanso m'bokosi langa. Chithunzi chikachita mdima, ndizilemba `soft daylight` pamwamba.

Loweruka ndi Lamlungu

Manja. Izi ndi zomwe ndimazengereza.

Ndinayamba ndi mawu omwe aliyense amalemba:

```
extra fingers, fused fingers, bad hands, missing fingers
```

Ndinawerenga zala pa zithunzi zisanu ndi zitatu zija, mawuwa asanalowe ndi atalowa. Poyamba, zithunzi ziwiri zokha zinali ndi manja ovomerezeka. Mawuwa atalowa zinakhala zitatu, koma chimodzi mwa ziwiri zoyamba zija chinawonongeka, ndipo pa ziwiri zina manja analowa m'masamba osaonekanso. Ndinasintha nambala n'kuyesanso pa zina zisanu ndi zitatu, zotsatira zinali chimodzimodzi: kusintha kulipo, koma n'kwa mwayi, ngati kugwedeza chitini cha njere. Liwu lililonse lomwe ungaike pansi limasuntha chithunzi pang'ono, ndiye nthawi zina dzanja limagwera pabwino, iwe n'kuganiza kuti mawu ako achiza.

Chifukwa chake ndachimvetsa tsopano. Anthu akaika chithunzi pa intaneti salemba pansi pake kuti ichi chili ndi zala zowonjezera, ndiye makina alibe chithunzi chenicheni m'mutu cha `extra fingers` choti athawe, monga momwe alili nacho cha `watermark`. Chomwe amamva bwino pa mawu amenewa ndi `fingers` ndi `hands`. Ndiye ukawakakamiza amathawa manja enieniwo, n'kuwabisa kumbuyo kapena m'tchire. Kwa wina wofuna chithunzi cha nkhope zimenezo zikhoza kukhala bwino. Ife phunziro lonse lili pa dzanja.

Chifukwa chachiwiri ndi chija cha nkhope yaing'ono. Makinawa sajambula pa mapikiselo enieni. Amajambula pa kachithunzi kofinyidwa kasanu ndi katatu mbali iliyonse, moti chithunzi changa cha 512 ndi 768 mkati mwake ndi timabokosi 64 ndi 96. Ndinayeza dzanja la mayi woima m'munda, linali mapikiselo pafupifupi 48 m'lifupi. Kugawa ndi 8, timabokosi 6. Zala zisanu ndi mipata yake inayi zikuyenera kukwana pa timabokosi 6. Zili ngati kuuza munthu kuti asoke duwa pogwiritsa ntchito chingwe chomangira mbuzi. Palibe mawu okana amene angawonjezere malo.

Kuwonjezera apo, dzanja lothyola tiyi si lotambasula. Zala zimapindika, zina zimabisika kuseri kwa zinzake ndi kuseri kwa tsamba. Makina sawerenga kuti chimodzi, ziwiri, zitatu. Amangodziwa kuti pambali pa chala nthawi zambiri pamakhala chala china, ndipo sadziwa polekera.

Ndinayesanso timafayilo tomwe anthu anaphunzitsa pa zithunzi za manja oipa, tomwe umangotchula dzina lake m'bokosi lapansi, monga `badhandv4`. Ganizo lake ndi labwino, chifukwa kumeneko n'kupatsa makina nkhope ya chinthu choti athawe. Kanathandiza pang'ono pa zala zomatana, koma kanasintha maonekedwe a chithunzi chonse kulowera ku zojambula za makatuni. Ndakachotsa.

Chomwe chagwira ntchito ndi ichi, ndipo ndikulemba mwatsatanetsatane chifukwa ndidzachibwereza pa zithunzi zotsalazo. Ndinasankha chithunzi cha nambala 1238, chomwe zonse zinali bwino kupatula dzanja lamanja lokhala ndi zala zisanu ndi chimodzi. Ndinachitsegula mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi, n'kupaka chala chowonjezeracho ndi mtundu wobiriwira womwe ndinatapa pa tsamba lapafupi. Sipafunika luso, kungophimba basi. Kenako ndinachitumiza ku `img2img`, gawo la `Inpaint` lomwe limajambulanso malo okhawo amene wapaka, n'kupaka chigoba pa dzanja lonse mpaka pamfundo ya mkono, kuphatikizapo masamba ochepa ozungulira.

```
Masked content: original
Inpaint area: Only masked
Denoising strength: 0.45
```

Chinsinsi chili pa `Only masked`. Pulogalamu imadula kachigawo ka dzanjako, kukakulitsa kufika pa kukula konse komwe wasankha, kujambula pamenepo, n'kukabwezera pamalo pake. Dzanja lomwe linali ndi timabokosi 6 limapeza makumi angapo. Pamwamba ndinafufuta zonse za phiri ndi dengu n'kulemba za dzanja zokha, `hand of a dark-skinned woman pinching a tea shoot`, pansi n'kusiya `blurry` yekha. Pa 0.3 utoto wanga wobiriwira unkaonekerabe ngati chigamba. Pa 0.7 makina anaiwala dzanja lomwe ndinawapatsa n'kujambula lawo, chala chachisanu ndi chimodzi n'kubwerera. Pa 0.45 ndinatulutsa zisanu ndi chimodzi, ziwiri zinali ndi zala zisanu zooneka ngati za munthu. Ndinasankha chimodzi, mtima unakhala pansi.

Lachiwiri, sabata yachitatu

Ndinapita kwa mayi aang'ono ndi zithunzi zinayi pafoni. Nyengo ino tiyi sakuphuka kwambiri ngati nthawi ya dzinja, ndiye ndinawapeza pakhomo akusankha nandolo. Anapukuta manja pa chitenje n'kutenga foni. Cha pachikuto anachikonda, anati phirilo lafanana ndi momwe limaonekera ukamachokera ku Luchenza. Atafika pa chithunzi cha dzanja, chomwe ndinavutika nacho masiku awiri, anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwananga, zala zakwana, koma ameneyu sakuthyola tiyi. Akubudula maluwa."

Ndinawafunsa kuti chalakwika n'chiyani, mayi. Anadzuka n'kunditengera kuseri kwa nyumba komwe munda wawo umayambira. Anagwira kamphukira pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, pansi pa tsamba lachiwiri, n'kukathyola kamodzi, thwa, kakugwera m'chikhatho momwe zala zitatu zotsalazo zinali zitagwirizira kale timphukira tina. Dzanja lina linali likuchita chimodzimodzi pambali. Pa chithunzi changa, munthu uja anagwira kunsonga kwenikweni, zala zina zitatambasuka m'mwamba. Komanso kamphukirako kanali ndi masamba anayi, tsamba limodzi lokhwima, lomwe kusikelo angakubwezere nalo.

"Mwana akaphunzira pamenepa, adzatibweretsera zinyalala m'dengu."

Ndinangoti zoona, mayi. Masabata awiri ndinali kuwerenga zala, osawerenga masamba. Madzulo ndinayesa `extra leaves, mature leaves` pansi, ndikudziwa kale chomwe chichitike, ndipo chinachitikadi: tchire linayamba kuchepa masamba, kamphukira kanakhalabe ndi anayi. Makina osawerenga zala sangawerenge masamba.

Lachinayi

Ndakambirana ndi apampando ndipo tagwirizana kuti zithunzi ziwiri za dzanja pafupi zikhale zenizeni, zojambula ndi foni. Mayi aang'ono avomera kuti tijambule manja awo okha, nkhope ayi. Alamu anga anati pali ControlNet, chida chomwe chinatuluka mu 2023, chomwe ungachipatse chithunzi cha dzanja lenileni kuti makina atsatire kapindidwe kake. N'zoona ndipo ndikufuna kudzachiphunzira, koma pano ndikakhala ndi chithunzi chenicheni cha dzanja lomwe lathyola tiyi zaka zambiri, sindikuona chifukwa cholipititsira m'makina kuti alisalaze. Zipsera ndi madontho akuda a pa zala zawo ndi mbali ya phunziro.

Zinayi zotsalazo, chachikuto, cha mizere ya tiyi, cha dengu kumsana ndi cha pamzere wa kusikelo, zikhala za makina. Bokosi lapansi lomwe ndatsala nalo, kuchoka pa mawu oposa 60 aja, ndi ili:

```
text, watermark, signature, logo, blurry, out of focus, bokeh, depth of field, conical hat, sari
```

Liwu lililonse pamenepa lili ndi mzere wake m'kope losonyeza chomwe linachotsa. Pa chithunzi cha kusikelo ndikhala tcheru, chifukwa sikelo imakhala ndi manambala, ndipo `text` akhoza kufufuta nkhope yake kapena kuisandutsa mbale. Ndikuganiza zolola kuti ituluke yopanda kanthu, manambala n'kudzawalemba ndekha mu GIMP. Chithunzi chimenechi chili ndi anthu asanu, kutanthauza manja khumi ang'onoang'ono. Ndiyesa kuwaimika atagwira zingwe za madengu paphewa, pomwe dzanja limakhala lofumbata ndipo zala sizifunika kuoneka chimodzichimodzi, kenako dzanja lililonse lolakwika ndilikonze palokha ndi `Inpaint`.

Loweruka

Tajambula manja m'mawa uno, chiperoni chitangoleka, masamba akadali ndi madontho. Zithunzi 30, zabwino zinayi. Pa chimodzi masamba awiri ndi nsonga zikuoneka bwinobwino pakati pa zala ziwiri, ndipo mayi aang'ono achivomera. China chikuonetsa kamphukira koipa, ka masamba anayi, kuti tidzaike pambali pake poyerekeza.

Chachikuto ndi cha mizere ya tiyi zatha. Cha dengu chatsala dzanja lamanzere lokha. Cha kusikelo ndatulutsa zisanu ndi zitatu zoyamba usiku uno: zilembo palibe, sikelo yatuluka yopanda manambala monga ndimaganizira, ndipo pa chithunzi chomwe ndasankha, manja atatu mwa khumi ndi ofunika kukonza. Alamu andilola kubwera Lolemba kuyambira 5 koloko. Wosindikiza ku Limbe akufuna mafayilo onse pofika Lachisanu.